Lipoti la kuyeza konkire: mmene zotsatira za hamala, kavamita ndi kaboneshoni zimalembedwera

Konkire wa m'mizati, m'mabimu ndi m'masilabu amakhala ndi zitsulo m'kati, ndipo nthawi zambiri chimene chimafupikitsa moyo wa nyumba yotere ndi dzimbiri la zitsulozo. Konkire watsopano amakhala ndi laimu wambiri wochokera ku simenti. Pa muyezo wa pH amafika pakati pa 12.5 ndi 13.5, ndipo chitsulo chokutidwa ndi konkire wotere sichichita dzimbiri ngakhale chinyezi chitachifikira. Koma mpweya wa kaboni dayokisaidi umalowa pang'onopang'ono m'timabowo ta konkireyo n'kumasandutsa laimu uja kukhala chinthu chofanana ndi choko. Kusintha kumeneku ndi kumene kumatchedwa kaboneshoni. Kumayambira kunja n'kumalowera m'kati, ndipo kukafika pamene pali chitsulo, chitetezo chija chimatha. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, choncho limakankha konkire mpaka kumng'amba, kenako zibenthu zimayamba kugwa.

Injiniya akatumidwa kukaona ngati nyumba yakale ikadali ndi moyo wautali, amayamba ndi zoyeza zitatu zosaboola thumba komanso zosawononga nyumbayo kwenikweni. Hamala ya Schmidt imayeza kulimba kwa pamwamba pa konkire. Kavamita imayeza kuti chitsulo chakwiririka mozama bwanji. Mankhwala a finofutalini amaonetsa pamene kaboneshoni wafika. Kuyeza kwenikweniko kumatha tsiku limodzi kapena awiri. Povuta ndi pa kulemba lipoti, chifukwa mwini nyumba, banki kapena khonsolo sadzaona mzatiwo ngati mmene woyeza anauonera. Adzangoona pepala. Manambala atatuwa akalembedwa aliyense pa tsamba lake, lipoti likhoza kukhala lopanda bodza ndi limodzi lomwe koma n'kusocheretsa wowerenga.

Malo ayenera kudziwika kaye

Lipoti labwino limayamba ndi pulani ya nyumbayo pamene mzati uliwonse ndi bimu iliyonse zapatsidwa nambala. Nambala yomweyo imalembedwa ndi choko kapena penti pa mzatiwo, n'kujambulidwa chithunzi. Kenako pamanenedwa mbali imene yayezedwa, kaya ndi yoyang'ana kunja kapena yam'kati, ndi kutalika kwa malowo kuchokera pansi. Mzati umodzi ukhoza kukhala ndi konkire wamitundu iwiri: kumunsi kumene miyala inaunjikana pothira, ndi kumtunda kumene madzi anakwera n'kusiya konkire wofooka. Lipoti longonena kuti "mizati ya pakhonde" silingatsimikizidwe ndi munthu wina, ndipo pakatha zaka zisanu palibe amene angabwerere pamalo omwewo kukaona ngati zinthu zasintha.

Pamodzi ndi malo pamalembedwa tsiku, nyengo, zaka za nyumbayo ndi mmene konkire akuonekera: wouma kapena wonyowa, wopakidwa penti, womatidwa pulasitala, wong'aluka kapena wazibowozibowo. Chofunika kwambiri n'chakuti zoyeza zitatuzo zichitike pamalo amodzi, motsatana. Kavamita imayamba, kuti zitsulo zidziwike pamene zili. Hamala imatsatira, pa malo a pakati pa zitsulo. Kubenthula konkire koyezera kaboneshoni kumabwera pomaliza.

Nambala ya hamala si mphamvu ya konkire

Hamalayi anaipanga ndi injiniya wa ku Switzerland, Ernst Schmidt, cha m'ma 1948. Ndi chitsulo chooneka ngati tochi yaitali. M'kati muli sipuling'i ndi kachitsulo kolemera. Woyeza akaikanikiza pa konkire, sipuling'i imamasuka, kachitsuloko kamamenya n'kunjanja, ndipo mtunda umene kanjanja umaoneka pa sikelo yoyambira 10 kufika 100. Konkire wolimba pamwamba amabweza kachitsuloko patali. Nambala imeneyi ilibe dzina la muyezo uliwonse. Si makilogalamu, si mamilimita, ndipo si mamegapasikali amene mphamvu ya konkire imayezedwera.

Kumenya kamodzi sikutanthauza kanthu, chifukwa nsonga ikagwera pa mwala waukulu wobisika pansi pa khungu la konkire nambala imakwera, ikagwera pa kabowo imatsika. N'chifukwa chake malamulo a kayezedwe amafuna kumenya kangapo pa malo amodzi osalazidwa bwino, mfundo iliyonse italikirane ndi inzake mamilimita osachepera 25. Lamulo la ku Ulaya, EN 12504-2, limafuna kumenya kosachepera kasanu n'kanayi ndipo limatenga nambala ya pakati manambalawo akandandalikidwa. La ku America, ASTM C805, limafuna kakhumi. Limataya nambala iliyonse yosiyana ndi avareji ndi zoposa 6, ndipo manambala otere akaposa awiri, gulu lonselo limatayidwa n'kuyezanso pena. Lipoti liyenera kutchula lamulo limene latsatidwa, chifukwa njira ziwirizi sizipereka yankho lofanana nthawi zonse.

Chitsanzo chongoyerekeza chithandiza apa. Pali nyumba ya ofesi yansanjika imodzi imene yatha zaka 25, ndipo pa mzati nambala 7 wa pakhonde pulasitala wachotsedwa, konkire wasalazidwa ndi mwala wonolera. Hamala yapereka manambala awa: 37, 39, 36, 40, 38, 50, 37, 35, 39 ndi 38. Avareji yake ndi 38.9. Nambala ya 50 yapitirira avarejiyo ndi 11, choncho potsatira ASTM C805 itayidwa, ndipo asanu n'anayi otsalawo apereka 37.7, imene ilembedwa ngati 38. M'lipoti manambala onse khumi amaoneka, pamodzi ndi 50 wotayidwayo ndi chifukwa chake. Wolemba amene amangoika 38 amabisa chinthu chimene injiniya wina akadafuna kudziwa, chakuti manambalawo anali oyandikana kapena omwazikana.

Pamalembedwanso kumene hamala inaloza. Pomenya pansi pa silabu, hamala italoza kumwamba, nambala imakwera kuposa ya pa khoma ngakhale konkire ali yemweyo. Pomenya pamwamba pa silabu, italoza pansi, nambala imatsika. Konkire wonyowa amapereka nambala yotsika kuposa wouma, moti mzati woyezedwa mu Febuluwale mvula ili mkati sungafanizidwe mwachisawawa ndi woyezedwa mu Okutobala. Konkire wopyapyala, wosafika mamilimita 100, amanjenjemera akamenyedwa n'kumeza mphamvu ina ya hamalayo. Ndipo hamala yokhayo imatopa. Isanayambe ntchito ndiponso itamaliza, imayesedwa pa chitsulo chake choyesera, pamene hamala ya mtundu wofala iyenera kupereka pafupifupi 80. Nambala ya hamalayo ndi zotsatira za kuyesako zimalowa m'lipoti.

Msampha waukulu uli pa tchati chimene chimamatidwa pa hamala kapena kubwera m'bokosi lake. Tchaticho chimasandutsa nambala kukhala mphamvu, ndipo 38 wa pa khoma chimamuika pa mamegapasikali 35 kapena kuposerapo pang'ono. Koma tchatichi chinapangidwa poyeza konkire wamng'ono, wa masabata ochepa, wa simenti ndi miyala ya kumene hamalayo inapangidwira. Hamala imangomva mamilimita 20 kapena 30 a pamwamba, ndipo pa nyumba yakale amenewa ndi mamilimita omwe aja amene kaboneshoni wawaumitsa. Zimakhala ngati mkute umene wauma gwaa pamwamba pomwe m'kati ukadali wofewa. Choncho konkire wa timabowo tambiri, amene mpweya wamlowa mozama, akhoza kupereka nambala yokongola chifukwa cha vuto lomwelo limene likuika zitsulo zake pangozi.

Njira yodalirika yodziwira mphamvu ndi kuboola konkire ndi makina n'kutulutsa zidutswa zobulungira, kawirikawiri za mamilimita 100 m'mimba mwake, n'kukaziphwanya ku labotale. M'chitsanzo chija, zidutswa zitatu zapereka avareji ya mamegapasikali 24, pamene tchati chimati 35. Lipoti loona mtima limalemba 24 ngati mphamvu ya pamalo amene abooledwa, ndipo manambala a hamala limawagwiritsa ntchito pa chimene amachita bwino, ndiko kufananiza malo. Ngati mizati isanu n'inayi yapereka pakati pa 36 ndi 40 koma umodzi wapereka 27, mzati umenewo ndi wofunika kuubwerera. Pamene zidutswa sizinabooledwe, ndi bwino kusalemba mamegapasikali n'komwe, chifukwa nambala ikangolembedwa pa pepala la sitampa, mawu ochenjeza a m'munsi mwake sawerengedwanso.

Kavamita ndi kuya kwa zitsulo

Kavamita ndi kabokosi ka batire kokhala ndi mutu umene umayendetsedwa pa konkire. Mutuwo umatulutsa mphamvu ya maginito, chitsulo cha m'kati chimaisokoneza, ndipo makinawo amawerengera mtunda wochokera pamwamba kufika pa chitsulocho. Amayeza bwino akauzidwa kukula kwa chitsulo. Akauzidwa kuti ndi cha mamilimita 12 pamene m'katimo muli cha 16, amaona ngati chitsulo chili pafupi kuposa pamene chilidi. Amasokonezekanso pamene zitsulo ziwiri zalumikizana mogundana, pamene zathithikana, pamene pali waya womangira kapena msomali wotsalira wa matabwa othirira, ngakhalenso pamene miyala ya m'konkire ili ndi chitsulo mwachilengedwe. Lamulo la ku Britain, BS 1881-204, ndi limene limatchulidwa kawirikawiri pa kayezedwe kameneka. Zinthu zikakhala bwino makinawa amaphonya ndi mamilimita awiri okha kapena pang'ono kuposa apo, koma pa zitsulo zothithikana amaphonya kwambiri.

Choncho pa gulu lililonse la mizati kapena mabimu, malo amodzi amabenthulidwa mpaka chitsulo chioneke, kuya kwake n'kuyezedwa ndi rula. Lipoti limaika manambala awiriwo pambali pa nzake, ya makina ndi ya rula, limanena kukula kwa chitsulo chimene chapezeka, ndi maonekedwe ake: choyera, chofiirira pang'ono kapena chodyeka. Liyeneranso kunena chitsulo chimene chayezedwa. Mu mzati, zapafupi kwambiri ndi kunja si zitsulo zazikulu zoimirira koma tizitsulo ting'onoting'ono tozungulira timene timazimanga pamodzi, ndipo ndi timeneti timayamba kuchita dzimbiri.

Nyumba zambiri za ku Malawi zimamatidwa pulasitala, ndipo apa pamabisala cholakwika chofala. Pa mzati nambala 7 uja, kavamita itayendetsedwa pamwamba pa pulasitala yapereka mamilimita 29. Mapulani a nyumbayo amafuna 30, choncho munthu angati zili bwino. Koma pulasitala atachotsedwa wapezeka kuti ndi wa mamilimita 15, kutanthauza kuti konkire weniweni wokuta chitsulo ndi mamilimita 14 okha. Mwina pomanga, zitsulo zinapendekekera ku thabwa chifukwa panalibe timiyala tozitchinjiriza, ndipo womata anabisa zonse. Pulasitala wabwino amachedwetsa mpweya ndithu, koma amang'aluka, amafufuma, ndipo sawerengedwa ngati konkire. Lipoti limalemba manambala onse atatu, 29, 15 ndi 14.

Pofotokoza mwachidule zotsatira za kavamita, avareji payokha ndi yachinyengo, chifukwa dzimbiri siliyamba pa chitsulo cha avareji. Limayamba pa chimene chili pafupi kwambiri ndi kunja. M'chitsanzochi malo 40 ayezedwa pa mizati khumi, ndipo avareji yatuluka mamilimita 27, imene siichititsa mantha. Koma malo 12 mwa 40 amenewo ali ndi konkire wosafika mamilimita 20, ndipo otsikitsitsa ndi 14. Wowerenga afunika kuona nambala yotsikitsitsa, yapamwamba, avareji, ndi chiwerengero cha malo amene sanafike pa muyezo wa pa mapulani. Ngati mapulani anasowa, lipoti linene kuti lafanizira ndi chiyani.

Mzere wa pinki

Finofutalini ndi ufa woyera umene umasungunulidwa mu sipiriti, galamu imodzi pa mamililita 100 a madzi ndi sipiritiyo pamodzi. Woyeza amabenthula kona ya mzati ndi tchizulo, amachotsa fumbi, n'kupopera mankhwalawo pang'ono pa bala latsopanolo. Nthawi yomweyo konkire wa m'kati, amene laimu wake akadalipo, amasanduka wapinki wowala, pamene lamba wa kunja amene kaboneshoni wamudya amangokhala wotuwa ngati wathiridwa madzi wamba. Rula imaikidwa kuchokera pa khungu la konkire kufika pamene pinki wayambira, ndipo chithunzi chimajambulidwa rulayo ili pomwepo. Lamulo la EN 14630 limafotokoza kayezedwe kameneka.

Bala liyenera kukhala latsopano ndiponso lobenthula. Pa malo odulidwa ndi gulainda kapena obooledwa ndi dirilo, fumbi la m'kati limapakika mpaka kunja ndipo timbewu ta simenti timene sitinasungunuke timasweka, moti paliponse pamaoneka pinki ngati kaboneshoni kulibe. Bala likagonera masiku, nalo limayamba kudyedwa ndi mpweya. Lipoti limanena mmene bala linapangidwira ndi nthawi imene inapita kuti ayeze. Mzerewo sukhala wowongoka: umalambalala miyala, umalowa kwambiri pa kona pamene mpweya umachokera mbali ziwiri, ndipo pa mng'alu umatsika ngati mphanda. N'chifukwa chake pamalembedwa kuya kwa avareji ndi kuya kopitirira zonse, ndipo za pa ming'alu zimalembedwa pazokha.

Palinso malire a mankhwalawo. Amasintha mtundu pa pH ya pafupifupi 9, pamene chitsulo chimayamba kutaya chitetezo pH isanatsike kufika pamenepo. Choncho chitsulo chimene chili mamilimita awiri kapena atatu m'kati mwa pinki sichili pabwino monga chithunzi chikuonetsera, ndipo mainjiniya ambiri amasiya mpata wa mamilimita asanu kapena kuposerapo poweruza.

Kuika zotsatira pamodzi

Mtima wa lipoti ndi tebulo limodzi pamene mzere uliwonse ndi malo amodzi, ndipo pa mzerewo pali nambala ya hamala, konkire wochepetsetsa wokuta chitsulo, kuya kwa kaboneshoni, ndi kusiyana kwa ziwiri zomalizazi. Pa mzati nambala 7 kaboneshoni wafika mamilimita 20 pamene chitsulo chili pa 14, ndiye kuti wachipitirira ndi 6. Pa mzati nambala 3 kaboneshoni ndi 20 yemweyo koma chitsulo chili pa 30, kwatsala 10. Konkire ndi mmodzi, nambala ya hamala ndi yofanana, koma mizati iwiriyi ili ndi tsogolo losiyana.

Kaboneshoni amathamanga poyamba n'kumachedwa akamalowa, chifukwa mpweya umayenda ulendo wotalikirapo kuti ufike pa laimu watsopano. Mainjiniya amayerekeza ulendowu ndi masamu awa: d = k√t, pamene d ndi kuya m'mamilimita, t ndi zaka, ndipo k ndi nambala yosonyeza mmene konkireyo amalolera mpweya. Pa nyumba ya zaka 25, √25 ndi 5, choncho k ndi 20 kugawa ndi 5, yankho 4. Kuti afike pa mamilimita 30 afunika zaka (30/4)², zimene ndi pafupifupi 56, kutanthauza kuti mzati nambala 3 watsala ndi zaka 30 kapena kuposerapo pang'ono. Pamene chitsulo chili pa 24, afika nyumba ili ndi zaka 36, kwatsala 11. Pa mamilimita 14 anafika nyumba ili ndi zaka 12 zokha. Apa ndi pamene pamaonekera mtengo wa kulakwitsa kwa tsiku lothira konkire: kuchepetsa konkire wokuta chitsulo ndi theka kumadula nthawi ya chitetezo kukhala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndipo malo 12 aja osafika mamilimita 20, amene avareji ya 27 inawabisa, onse afikiridwa kale.

Zaka zimenezi ndi zoyerekeza, ndipo lipoti liyenera kunena choncho poyera. Masamuwa amaganiza kuti nyengo yozungulira mzatiwo siinasinthe ndipo siidzasintha, pamene penti watsopano, denga lodontha kapena pulasitala wogumuka zikhoza kusintha liwiro. Kulemba kuti "zaka 31.25" ndi kudzionetsera chabe. Kunena kuti zaka za m'ma 30, posawerengera mpata uja wa patsogolo pa pinki, n'kokwanira.

Kufika kwa kaboneshoni pa chitsulo sikutanthauzanso kuti nyumba ikugwa. Kumangotsegula khomo, ndipo dzimbiri kuti liyende limafuna chinyezi. Kaboneshoni amathamanga kwambiri mu konkire wouma pang'ono, pamene chinyezi cha mumpweya chili pakati pa 50 ndi 70 peresenti, koma dzimbiri limakonda ponyowerapo kuposa apo. Mzati wa m'kati mwa ofesi ukhoza kukhala ndi kaboneshoni wozama koma chitsulo chake n'kukhala zaka zambiri chisanadyeke. Woopsa ndi umene umauma m'chilimwe chonse n'kumavumbwidwa m'dzinja: wa pakhonde, wa pafupi ndi paipi yotsitsa madzi a padenga, wa kuseri kwa bafa. Lipoti limalemba chinyezi cha malo aliwonse pambali pa manambala, ndi zimene maso anaona pa chitsulo chimene chinavundukulidwa. M'chitsanzochi mzati nambala 7 uli pakona imene mvula imawomba, kachitsulo kake kozungulira kafiira ndipo pali mng'alu wopyapyala wotsatira chitsulo choimirira, choncho umaikidwa patsogolo pa yofunika kukonzedwa. Konkire wodyedwayo achotsedwe mpaka kuseri kwa zitsulo, zitsulo zitsukidwe, pamatidwe matope okonzera, ndipo mizati imene siinafikiridwe ipakidwe penti wotchinga mpweya.

Gawo lomaliza la lipoti limanena zimene sizinayezedwe. Zoyeza zitatuzi siziona mchere wa m'konkire, umene umadyetsa zitsulo ngakhale pamene pinki ali bwinobwino. M'mizinda ya kunyanja yamchere ngati Beira ndi Nacala, kapena pamene konkire anakandidwa ndi madzi a pa mjigo wamchere, pamafunika kutenga fumbi la konkire pa kuya kosiyanasiyana n'kukaliyeza ku labotale. Siziuzanso munthu liwiro la dzimbiri, kapena ngati mzati ungathe kunyamula nsanjika ina, limene ndi funso la masamu a kamangidwe. Lipoti limatchula malo amene sanafikidwe, monga maziko ndi mabimu obisika ndi siling'i, limanena ngati mabala obenthulidwa aja anatsekedwa ndiponso ndi chiyani, limapereka chaka choyenera kudzayezanso pamalo omwewo, ndipo limasainidwa ndi amene anayeza pamodzi ndi injiniya wovomerezeka amene wamasulira zotsatirazo.